Chaputala Chachiwiri cha Asisita

Asisita analowa yunivesite ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, imvi zitayamba kale kusuzumira m'mbali mwa makutu. Anali atagwira unamwino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pachipatala chaching'ono, cha zipinda zinayi ndi khonde lalitali pomwe odwala ankadikirira. Kumeneko aliyense, ngakhale ana omwe anabadwira m'manja mwawo, ankangowatchula kuti Asisita. Atafika kusukulu anadzitchula choncho mwangozi tsiku loyamba, anzawo a m'kalasi anaseka, ndipo dzinalo linakakamira.

Amuna awo, amene ankakonza mawailesi ndi mafiriji, anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito muhotela kumzinda wina, wamwamuna anali kunja, ndipo foni yake inkabwera mwa apo ndi apo ngati mvula ya chilimwe. Nyumba itakula chonchi, Asisita anapempha tchuthi cha maphunziro, natseka zitseko, nasiyira aneba makiyi ndi mphaka.

Koma si kusungulumwa kokha kumene kunawatumiza kusukulu. Pachipatala paja iwo ndi amene ankasunga kaundula wa odwala kuthamanga kwa magazi, matenda omwe aliyense amangoti bipi. Chaka chilichonse mayina ena ankangozilala m'bukumo. Munthu abwera miyezi itatu, wachinayi osaoneka, kenako abwera atanyamulidwa, mbali imodzi itafa. Mmodzi wa anthu amenewa anali atelala ena okalamba, amene anawasokera Asisita mayunifolomu kwa zaka zambiri. Anawapeza atagwa pafupi ndi makina awo, ndipo pawindo panali mabotolo atatu a mankhwala osatsegula n'komwe. Asisita ankafuna kudziwa chimene chimachititsa munthu kusiya mankhwala ali nawo m'nyumba. Umenewo ndiwo unali mutu wa kafukufuku wawo wa digiri yachiwiri.

Kuyunivesite anawapatsa chipinda kumapeto kwa khonde, munyumba yogona ophunzira aakazi. Munali bedi lachitsulo, tebulo logwedera lomwe analichirikiza ndi katoni yopinda, ndi windo loyang'ana kuseri kwa khitchini. Atsikana a zipinda zinazo ankawalemekeza kwambiri, ndipo ulemuwo ndi umene unkawapatula. Akalowa kochapira, nkhani zinkaduka, wina n'kutsitsa nyimbo pafoni. Pakhomo pawo ankagogodapo pokhapokha wina akadwala m'mimba kapena akafuna singano ndi ulusi.

Chaputala choyamba chinadutsa bwino. Chachiwiri ndi chija wophunzira amaonetsamo zimene ena analemba kale pa nkhani yake. Asisita anachigwira monga ankagwirira ntchito ina iliyonse. Miyezi itatu yathunthu ankafika kulaibulale chitseko chisanatsegulidwe, nawerenga malipoti a kafukufuku makumi anayi ndi atatu. Lililonse analipatsa ndime yakeyake: dzina la wolemba, chaka, kumene anachitira kafukufuku, anthu angati, ndi zimene anapeza. Anawandandalika kuyambira lakale kwambiri mpaka latsopano. Zinakwana masamba makumi atatu ndi limodzi, opanda cholakwika ngakhale pa chaka chimodzi. Popereka anagula envelopu yatsopano.

Woyang'anira kafukufuku wawo anali mayi wa zaka zosakwana makumi anayi, wolankhula mofatsa, amene ofesi yake inali yopanikizana moti mlendo ankayamba wachotsa mabuku pampando. Asisita ankamutchula kuti a Dokotala. Patatha sabata ziwiri anawaitana.

"Mwawerenga, Asisita, zimenezo palibe angatsutse," anatero a Dokotala. "Koma ndikufunseni. Odwala akafunsidwa, ambiri amati amamwa mankhwala mokhulupirika. Kodi zimenezi n'zoona? Chaputala chanuchi chikuti bwanji?"

Asisita anavala magalasi nayamba kutembenuza masamba. "Pa tsamba lachisanu ndi chinayi pali amene anapeza kuti anthu asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse amamwa bwino. Koma dikirani, alipo wina... eya, uyu, tsamba la makumi awiri ndi awiri. Uyu akuti ndi anayi okha mwa khumi."

"Ndiye wonama ndani?"

"Palibe wonama. Woyambayu anangowafunsa pakamwa, ndipo wodwala akafunsidwa ndi munthu wovala zoyera amavomera zilizonse. Winayu anachita kuwerenga mapiritsi otsala m'botolo."

"Zimene mwanenazi zili pa tsamba liti?"

Asisita anayang'ananso m'masambamo. Sizinali pa tsamba lililonse.

"Mwaonatu," anatero a Dokotala. "Anthu awiriwa akukangana, koma mwawakhazika motalikirana masamba khumi ndi atatu, moti sakumvana. Inu mwalemba lipoti losiyirana ntchito muwodi: bedi loyamba wagona bwino, bedi lachiwiri watentha thupi. Pano tikufuna muwaike pamodzi amene akukamba mfundo imodzi, mutiuze pamene akugwirizana, pamene akusiyana, chifukwa chake, ndi chimene onsewo sanachifufuze. Ndime iziyamba ndi mfundo, osati ndi dzina la munthu."

"Ndiye kuti zonsezi n'zotaya?"

"Si zotaya. Ndi njerwa. Koma nyumba sinayambe."

Anawapatsa sabata zinayi, chifukwa komiti yovomereza kafukufuku inkakhala kumayambiriro a teremu yotsatira, ndipo wophonya ankadikira miyezi isanu ndi umodzi. Tchuthi cha Asisita kuntchito sichikanafika kumeneko. Anatuluka muofesimo envelopu ili kukhwapa, nkhope ili gwaa ngati palibe chachitika. Anakafika mpaka kuseri kwa laibulale, pa benchi yoyang'ana khoma, ndipo m'pamene anavula magalasi.

Sabata yomweyo sukulu inatsekera. Atsikana anakokera masutikesi awo pakhonde, kukumbatirana, kulonjezana mafoni, ndipo pofika Loweruka masana nyumba yonse inali zii. Kunatsala mpopi wina wodontha kubafa ndi chitseko cha chipinda chachitatu chimene chinkamenyeka mphepo ikawomba. Asisita anali atalembera kalata oyang'anira nyumbayo kupempha kuti atsale. Anaimbira mwana wawo wamkazi kumuuza kuti tchuthi chino sabwera.

"Chabwino amayi, nanenso kuno ntchito yachuluka. Koma inu, pa msinkhu wanuwo, sukuluyi ikupatsani chiyani? Mukanangopuma."

"Ndikamaliza ndidzapuma, mwanangu."

"Pepani, kwabwera alendo. Ndikuimbirani."

Lolemba anagula makhadi kusitolo ya mabuku. Analemba khadi limodzi pa lipoti lililonse, makumi anayi ndi atatu, nayamba kuwagawa pabedi. Sipanathe ola asanakakamire. Lipoti lina linkakamba za kutalika kwa chipatala, komanso za chizungulire chobwera ndi mankhwala, komanso za ukali wa anamwino. Aliike mulu uti? Analiika pakati, lina analiikanso pakati, ndipo pofika masana mulu wa pakatiwo ndi umene unali waukulu kuposa yonse. Anasonkhanitsa makhadiwo, nawamanga ndi labala, nakhala pabedi kuyang'ana khoma la khitchini mpaka tiyi anazizira m'kapu.

M'mawa mwake, akuchapa, anazindikira pamene analakwitsa. Chogawa sichinali malipoti, koma zimene malipotiwo anapeza. Anabwerera kusitolo kuja. Tsopano khadi lililonse linanyamula chinthu chimodzi chokha chimene wina anapeza, ndipo pakona analembapo wolemba, chaka, tsamba, ndi njira imene anafufuzira. Lipoti limodzi linkabala makhadi awiri, lina asanu. Ntchitoyi inawatengera masiku asanu ndi limodzi, ndipo makhadi anapitirira zana limodzi ndi makumi awiri. Bedi linachepa. Anakankhira tebulo kukhoma nayala makhadiwo pansi.

Munthu yekhayo amene ankalowa m'nyumbamo anali mayi wokolopa, wamfupi, wa nsapato za pulasitiki, amene ankabwera Lachiwiri ndi Lachisanu. Anasuzumira pakhomo, chokolopera chili m'manja, napeza munthu wamkulu atagwada pansi pakati pa mapepala.

"Asisita, mwayamba juga? Nanga mukudya ndani, poti muli nokha?"

Asisita anaseka, ndipo anadabwa kumva mawu awo omwe, chifukwa panali patatha masiku atatu asanalankhule ndi munthu. "Ndikudyedwa ndine, mayi. Lero musakolope muno."

"Ine zanga n'zapakhonde," anatero mayiyo, napitiriza. Asisita anamvetsera chidebe chikukhwekhwerezedwa mpaka kumasitepe.

Pang'onopang'ono milu inayamba kuoneka yokha. Wina unali wa ulendo wautali ndi mankhwala osowa kuchipatala. Wina unali wa anthu amene amasiya chifukwa bipi sipweteka, ndiye amayesa achira. Wachitatu unali wa zovuta za mankhwalawo: chizungulire, kukodza pafupipafupi, kuchuluka kwa mapiritsi. Malipoti asanu ndi limodzi sanabale khadi lililonse lokhudza funso lawo. Ena ankanena za ana odwala shuga, ena za mtundu wa makina oyezera. Anawawerenga movutikira, ena kawirikawiri, ndipo kuwachotsa kunawawawa ngati kutaya chakudya. Anawaika mu envelopu ija, naiponya pansi pa bedi.

Mulu wachinayi ndi umene unawasowetsa mtendere. Unali wa mmene ogwira ntchito kuchipatala amalankhulira ndi odwala. Makhadi khumi ndi asanu ndi anayi, ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ankanena chimodzimodzi: wodwala akakalipiridwa chifukwa chodumphitsa mankhwala, ulendo wotsatira amanama, kapena sabweranso. Pamene malipotiwa anali omwazikana m'masamba makumi atatu, Asisita sanamve kulemera kwake. Tsopano anali pamodzi, mulu wokhuthala ngati chidutswa cha buledi, pafupi ndi bondo lawo.

Anakumbukira tsiku lomaliza limene atelala aja anabwera kusikelo ya bipi. Khonde linali lodzaza, Asisita anali okha, ndipo atayeza anapeza magazi akuthamanga koopsa. "Bambo, mukufuna kufa? Mankhwala timakupatsani aja mumathira m'munda?" Anthu pakhonde anaseka. Atelalawo anasekanso, napinda chipewa chawo m'manja, nati, "Ndimamwa, Asisita." Sanaonekenso mpaka tsiku lija anabwera atanyamulidwa.

Tsiku limene anakumbukira zimenezi, Asisita sanalembe kanthu. Anatuluka nayenda mumsewu wa kumbuyo kwa sukulu, kudutsa pogulitsira matayala ndi pamalo ochapira magalimoto, mpaka pamene msewu umathera pa mpanda wa fakitale. Pobwerera anaganiza zophatikiza mulu umenewu ndi woyamba uja, pansi pa mutu wakuti mavuto a kuchipatala, kuti ubisale pakati pa nkhani za mtunda ndi kusowa kwa mankhwala. Palibe akanadziwa. Atafika m'chipinda anayesadi kutero, koma makhadiwo ankakamba zinthu ziwiri zosiyana, ndipo iwo ankadziwa. Anaubwezera pamalo pake, naupatsa mutu wakewake.

Panatsala makhadi asanu ndi anayi amene anakana kulowa mulu uliwonse. Anawaika pawindo, nawapsinja ndi kapu, nayamba kulemba.

Chiganizo choyamba chinawatengera m'mawa wonse. Dzanja linkangothamangira kuyamba ndi dzina la wolemba ndi chaka. Kuyamba ndi mawu awoawo kunkawachititsa manyazi, ngati kulankhula pamsonkhano wa akuluakulu usanapatsidwe mpata. Ndine yani ine, namwino wa pachipatala cha zipinda zinayi, kuti ndiweruze pakati pa maprofesa? Potsiriza analemba kuti: Chiwerengero cha odwala amene amamwa mankhwala mokhulupirika chimasintha malinga ndi njira yoyezera. Pansi pake anaika malipoti asanu amene anafunsa odwala pakamwa napeza chiwerengero chokwera, kenako atatu amene anawerenga mapiritsi napeza chotsika, namaliza ndi kunena kuti m'kafukufuku wawo adzagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Atawerenga ndimeyo anaona kuti malipoti asanu ndi atatu, amene kale anadya masamba asanu ndi limodzi, akwana pa theka la tsamba, ndipo akunena zambiri kuposa kale. Anatembenuka ngati auze wina. M'chipindamo munali jekete lawo lokha, lopachikidwa pa msomali.

Sabata yachitatu, Lachinayi m'mawa, atamaliza kulemba zigawo zinayi za milu ija, anatenga makhadi a pawindo kuti aone ngati n'kuwataya. Anawayala patebulo. Onse anali ochokera m'matebulo a manambala a kumapeto kwa malipoti, mzere umodzi umene olemba ake sanaukambe n'komwe m'mawu awo omaliza. Asanu ndi awiri ankaonetsa kuti odwala okhala okha amadumphitsa mankhwala kuposa okhala ndi anthu. Awiri sanapeze kusiyana, koma atabwerera ku malipotiwo anaona kuti onse awiri anachitikira m'nyumba zosungira okalamba, momwe namwino amagawa mankhwala pa nthawi yake. Anafufuzanso malipoti onse makumi atatu ndi asanu ndi awiri otsalawo, tsamba ndi tsamba, kenako anakhala masiku awiri pakompyuta ya kulaibulale kusaka ena. Sanapeze ngakhale mmodzi amene anapita kwa anthu okhala okhawo kukawafunsa kuti tsiku lawo limayenda bwanji, ndipo piritsi limatayika pati.

Madzulo a tsiku lachiwirilo, dzuwa lisanalowe, anatsegula kabati kuti atenge shuga, ndipo maso awo anagwera pa kabokosi ka mankhwala awo. Nawonso anali ndi bipi kwa zaka zisanu ndi zitatu. Kabokosiko kanali ndi zipinda zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi tsiku lake. Linali Loweruka, koma mapiritsi a Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachisanu anali momwemo. Amuna awo ali moyo, piritsi linkapezeka pa sosala pambali pa kapu ya tiyi m'mawa uliwonse, ndipo bamboyo ankati, "Namwino, imwani, musatichititse manyazi." Chimwalirireni iwo, Asisita sanauzepo munthu kuti amaiwala. Kuchipatala akafunsidwa ankati amamwa.

Anamwa la Loweruka ndi madzi a pampopi, ataimirira. Zimenezi sanazilembe m'chaputala, chifukwa sanali malo ake. Analemba chigawo chachisanu, chachifupi kuposa zonse, tsamba limodzi ndi theka: zimene manambala asanu ndi awiri aja akuonetsa, chifukwa chimene awiri aja akusiyanira, ndi funso limene palibe analifunsa. Kenako anabwerera ku chaputala choyamba nakonza funso la kafukufuku wawo kuti liloze kwa odwala okhala okha.

Chaputala chatsopanocho chinali ndi masamba khumi ndi asanu ndi atatu. A Dokotala anachiwerenga Asisita ali pompo, cholembera chofiira chili m'manja, osadzutsa mutu kwa mphindi makumi awiri.

"Chigawo chachitatu chikadali ndi fungo la mndandanda," anatero. "Ndime zitatu zotsatizana zayamba ndi mayina. Mukonze. Ndipo apa mwati palibe amene anafufuza. Lembani kuti simunapeze, ndipo munene kumene munasaka ndi mawu amene munasakira. Dziko ndi lalikulu." Anatembenuza tsamba. "Chachinayichi mwalemba mosanyengerera anamwino anzanu."

"Ndi zimene makhadi ananena."

"Nanga chachisanuchi munachipeza bwanji? Ine malipoti ena mwa awa ndinawawerenga, koma mzere umenewu sindinauone."

"Anali makhadi otsala, a Dokotala. Anasowa kolowa."

A Dokotala anagwedeza mutu, nalemba tsiku la komiti pakona ya tsamba loyamba. Panja panali kale ophunzira ena awiri akudikira, choncho Asisita anabwezera mabuku pampando natuluka. Ali pamasitepe anaimbira mwana wawo wamkazi, foni inaitana mpaka kuduka. Analemba uthenga wakuti chaputala chadutsa. Yankho linabwera mawa lake, kachithunzi ka manja awiri akuwomba.

Komiti inavomereza, ndipo patatha miyezi iwiri Asisita anabwerera kwawo kukayamba kufunsa anthu. Mphaka anali atazolowera kwa aneba, moti anangowayang'ana ali pa mpanda, osatsika. Anasesa m'nyumba, natsegula mawindo, natenga kaundula wa kuchipatala kusankha mayina a okhala okha. Anakwana makumi awiri ndi anayi.

Woyamba anali bambo wina amene kale ankayendetsa basi, wokhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya utoto. Asisita anapita osavala yunifolomu. Anafotokoza za kafukufukuyo, bamboyo anasaina pepala lovomera, ndipo Asisita anayatsa chojambulira mawu. Mafunso anali khumi ndi awiri, okonzedwa kuti atenge mphindi makumi anayi. Pa funso lachiwiri, lakuti tsiku lanu limayamba bwanji, bamboyo anayamba kufotokoza za msewu umene ankayendamo, za kondakitala wake amene anamwalira, za mwana wake amene amatumiza uthenga pa Khirisimasi pokha. Kawiri konse Asisita anatsegula pakamwa kuti amubwezere ku funso, koma anatsekanso. Batire la chojambulira linatha, iwo anapitiriza ndi cholembera.

Dzuwa litapendeka anawerenga mapiritsi a m'botolo, napeza otsala khumi ndi limodzi kuposa mmene anayenera kukhalira. Analemba nambalayo osamukalipira. Bamboyo anawaperekeza mpaka pamsewu, akukoka mwendo pang'ono.

"Ndiye mwati mafunso atsala angati, Asisita?"

"Asanu ndi awiri, bambo."

"Mubwere Lachitatu. Ndidzabwereka mpando wabwino kusitoloku, uwu wakupwetekani msana."